Chidede chozizira pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo

Ku Thyolo munthu ukatchula zonyika masamba m'madzi otentha, aliyense amaganiza za tiyi. Nzomveka. Kuchokera pa Thunga kupita pa boma mpaka ku Makwasa, maso ako amangoona kubiriwira komweko, mizeremizere ya tiyi yokwera ndi kutsika zitunda, ndi anthu obereka madengu kumsana akuthyola nsonga. Koma dzuwa la Novembala likafika paliwombo, palibe amene amalakalaka kapu ya tiyi wotentha. Pa nthawi imeneyo, m'mbali mwa misewu ya m'maesiteti, makamaka tsiku la malipiro, chimene chimatha msanga m'mabokosi a amayi ogulitsa ndi chakumwa chofiira ngati magazi, chowawasa pang'ono, chozizira mpaka botolo kuchita thukuta. Chimenechi ndi chidede.

Ine ndinaphunzira kuchikonza kwa azakhali anga, amene anathyola tiyi zaka zambiri pa esiteti ina mpaka msana unayamba kukana. Lero amagulitsa mandasi ndi chidede. Mpamba wawo ndi wochepa moti ndowa imodzi ikaonongeka, sabata imeneyo ndiwo zimakhala za masamba okhaokha. Nchifukwa chake sachita zongoyerekeza, ndipo zimene ndilembe pano ndi njira yawo, kuphatikizapo zifukwa zake zimene ndinazimvetsa pambuyo pake.

Choyamba tigwirizane za chomeracho, chifukwa ambiri amasokoneza. Chidede si maluwa akuluakulu ofiira aja amene amadzalidwa ngati mpanda pa nyumba za mabwana a m'maesiteti, ngakhale kuti ndi pachibale. Chidede ndi chitsamba cha pachaka, cha tsinde lofiira, chofika m'chiuno kapena pachifuwa. Akatswiri a zomera amachitcha Hibiscus sabdariffa, ndipo chili m'banja limodzi ndi therere ndi thonje. Mukaona duwa lake mungavomereze, chifukwa ndi la therere lenileni, loyera mwachikasu, pakati pali kadontho kofiira. Duwalo limakhala tsiku limodzi nkufota. Likathothoka, zikhokho zimene zinaligwira kunsi zimayamba kunenepa ndi kufiira, nkukuta kambulu ka njere. Zimenezo ndiye timakolola. Anthu amati "maluwa a chidede", koma kwenikweni ndi makoko okuta njere. Amayi amachotsa kambulu ka njereko, makoko aja nkuwayanika. Akauma amapepuka modabwitsa: makilogalamu pafupifupi 10 a chidede chachiwisi amatsala kilogalamu imodzi yokha.

Chakumwachi si chathu chokha. Ku Senegal amachitcha bisapu, ku Nigeria zobo, ku Ghana sobolo, ndipo ku Sudan ndi Egypt amati karikade. Konkuno ku Thyolo, esiteti ya Satemwa, imene anayambitsa Maclean Kay mu 1923, imagulitsa chidede chouma m'mapaketi pambali pa tiyi wake. Choncho chinthu chimene agogo athu ankangosiya chimere m'mbali mwa munda kuti azidya masamba ake ngati ndiwo, ena akuchiika m'mapaketi okongola nkumwetsa alendo.

Kugula: mphuno ndi zala zigwire ntchito

Chidede chimachita maluwa masiku akayamba kufupika, ndipo chambiri chimakololedwa kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni. Apa pali vuto la Thyolo lenileni. Nthawi yomwe chidede chili pa thandala ndi nthawi yomwenso chiperoni chimayamba, nkhungu ija yobwera ndi mvula yowaza imene imatha masiku atatu kapena anayi dzuwa osaoneka. Tiyi amakondwa nacho chiperoni, koma chidede chimene chagwidwa nacho chisanaume chimachita chuku. Azakhali akamagula pamsika, kaya pa Bvumbwe kaya ku Luchenza, sayamba ndi kufunsa mtengo. Amatapa pang'ono pansi pa thumba, osati pamwamba, nkufinya m'manja. Chouma bwino chimathetheka ndi kulira kuti tsweee ngati masamba a chimanga a mu Okutobala. Chimene chikupindika ngati chikopa chili ndi chinyezi, ndipo ngati sichinayambe kale chuku, chiyamba m'thumba mwanu. Kenaka amanunkhiza. Chabwino chimamveka kafungo kowawasa ngati chipatso. Chikamveka fungo la m'nyumba yotsekedwa nthawi ya dzinja, kapena mukaona timadontho toyera ngati ufa m'kati mwa makoko, chisiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Madzi owira sachotsa fungo la chuku, ndipo shuga amangolibisa kwa mphindi yoyamba yokha.

Mtundu nawo umanena zambiri. Chofiira moderapo chimatulutsa madzi a mtundu wakuya. Chofiira mowala chimakonda kukhala chowawasa kwambiri. Chimene chasanduka chofiirira ngati fodya wa bale ndi chakale kapena chinakhalitsa padzuwa, ndipo chikupatsani madzi ooneka ngati tiyi wosukuluka.

Muyeso wa olawa tiyi

M'mafakitale a tiyi muli anthu amene ntchito yawo ndi kulawa. Amandandalika timakapu toyera, nkuyesa tiyi pa sikelo, nkuthira madzi owira, nkuyang'ana wotchi. Muyeso umene olawa tiyi amagwiritsa ntchito m'maiko ambiri ndi magalamu 2 a tiyi pa mamililita 100 a madzi, kwa mphindi 6. Amachita zimenezi kuti tiyi wa lero afanizidwe ndi wa dzulo mwachilungamo. Chinandisangalatsa nchakuti muyeso wa chidede chabwino ndi womwewo: magalamu 2 pa mamililita 100, kutanthauza magalamu 20 pa lita imodzi ya chakumwa chomalizidwa. Kusiyana kuli pa nthawi. Tsamba la tiyi ndi lopyapyala ndipo ku fakitale amalidula tinyenyeswa, choncho limatulutsa zake zonse msanga. Khoko la chidede ndi lochindikala, limafuna mphindi 20 mpaka 30.

Tiyeni titenge ndowa imodzi ya azakhali, ya malita 5, imene imadzaza mabotolo 10 a theka la lita. Imafuna magalamu 100 a chidede chouma, magalamu 500 a shuga, ndi madzi malita 5 ndi theka. Theka lapamwambalo ndi la makoko, chifukwa akafufuma amamwa madzi ndipo sabweza onse. Ngati mulibe sikelo, kapu ya tiyi ya mamililita 250 yodzaza chidede osatsendera imalemera pafupifupi magalamu 35 mpaka 40, ndiye kuti makapu atatu osasefukira akwana. Shuga ndi makapu awiri ndi theka. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi imakonza ndowa ziwiri, mabotolo 20. Amene akufuna kugulitsa ayambire pamenepo kuwerengera: mtengo wa paketi ya shuga, wa chidede magalamu 200, wa makala, wa mabotolo ndi wa madzi oundana, zonse pamodzi azigawe ndi 20. Zimene zatuluka ndiye mtengo wa botolo limodzi lisanabweretse phindu lililonse.

Musanathire madzi otentha, tsukani chidedecho. Chambiri chimayanikidwa pamphasa kapena pansi penipeni, ndipo m'makwinya mwake mumabisala mchenga. Koma kutsuka kwake nkwachangu: thirani m'beseni la madzi ozizira, vundulani ndi dzanja kawiri katatu, nkuvuula ndi manja kuika m'mbale ina. Osakhuthula beseni, chifukwa mchenga wakhala pansi ubwereranso pa chidede. Zonsezi zisapitirire theka la mphindi. Madzi otsukirawo aoneka ofiirira pang'ono, ndipo ndi mtundu wanu umene ukupita, ndiye musachedwe nawo.

Poto aphike madzi okha

Apa ndiye pamene azakhali salola kukambirana. Chidede sichilowa m'poto wa aluminiyamu, mapoto opepuka otuwa aja amene ali m'khitchini iliyonse. Tsiku loyamba nditafunsa chifukwa chake, anangoti, "Iwe, unaonapo poto wophikira matimati mmene amawalira m'kati? Ukuganiza zakuda zija zimapita kuti?"

Chidede chili ndi asidi wambiri, kuposa matimati. Asidiyo amanyambita aluminiyamu. Chakumwa chimatuluka chodera mopita ku mtundu wa biringanya, ndipo kumapeto kwa lilime chimasiya kakomedwe ka chitsulo, ngati wanyambita ndalama. Poto wachitsulo chochita dzimbiri ndiye amaipitsa kuposa pamenepo. Njira yake ndi yapafupi. Wiritsani madzi okhaokha m'poto aliyense amene muli naye, koma chidede chidikire m'chiwiya china: poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, mbale ya enamelo yosatekedzeka, kapena ndowa yapulasitiki yochindikala imene inapangidwira zakudya ndipo sinasungepo sopo, penti kapena feteleza. Madziwo apite kwa chidede.

Pa ndowa yathu ija, wiritsani malita awiri. Akabwadamuka, aphuleni, thirani pa chidede, vundulani kamodzi ndi mthiko woyera, vindikirani, nkuyang'ana nthawi pa foni. Mphindi 25. Mthikowo ukhale wake wake, chifukwa mtengo umasunga fungo, ndipo chidede cha fungo la usipa ndinachimwapo pa ukwati wina, sindinamalize kapu.

Ambiri amaphika chidede pamoto kwa theka la ola kapena kupitirira, poganiza kuti akutulutsa mphamvu zonse. Kufiira kwa chidede kumachokera ku timadzi ta mtundu timene timapezekanso mu mabulosi ndi mu nthudza, ndipo timeneti sitipirira moto wautali. Mukawiritsa nthawi yaitali, kufiira kowala kuja kumasanduka kofiirira ngati njerwa, kafungo ka chipatso kamathawa ndi nthunzi, ndipo m'malo mwake mumabwera kakuwawa kogwira kukhosi kamene kamafuna shuga wambiri kuti kabisike. Mwaononga makala, mwaononganso shuga. Wogula sadziwa zonsezi, koma amaona botolo. Pakakhala mabotolo awiri, lina lowala ngati mkanda, lina lofiirira, dzanja limapita lokha pa lowala.

Mphindi 25 zikakwana, sefani madzi oyambawo. Makoko aja musataye. Akadali ndi mtundu, ndipo kuwataya pano ndi kutaya ndalama. Athireni lita imodzi ya madzi ena owira, vindikirani mphindi 10, nkusefanso kuphatikiza ndi oyamba aja. Mudzadziwa kuti makoko atha ntchito akasanduka otumbuluka ndi ofewa, ndipo mukatafuna limodzi silikuwawasanso kwenikweni. Kachitatu musavutike, mungopeza madzi a mtundu wopanda kukoma. Mukaphatikiza zonse mukhala ndi malita pafupifupi awiri ndi theka a madzi akuda bii, owawasa moti simungamwe. Zili bwino choncho.

Amene akufuna jinja aike pamodzi ndi chidede pa kunyika koyamba: kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu, kosenda ndi kuphwanya, kakwana malita 5. Masamba awiri atatu a tiyi wa mandimu nawo amakoma. Makoko a nanazi otsuka bwino amapereka fungo labwino zedi, ndipo nanazi kuno ndi ku Mulanje sasowa, koma dziwani kuti chidede cha nanazi chimasasa msanga kuposa chopanda kanthu. Ngati mukuika makoko a nanazi, awiritseni kaye m'madzi aja mphindi 10 musanathire pa chidede. Mkaka wokha osayerekeza. Asidi uja amaudula pomwepo kukhala chambiko.

Kusefa kawiri, shuga pambuyo

Kusefa ndi kuwiri. Koyamba ndi sefa yapulasitiki ya tiyi kapena ya ufa, yogwira makoko. Kachiwiri ndi nsalu yoyera yathonje, yoyalidwa pa sefa yomweyo, yogwira fumbi, timaubweya ta makoko ndi mchenga umene unapulumuka potsuka. Nsaluyo ikhale yake yake, yochapidwa popanda sopo wonunkhira, ndipo muiviike m'madzi owira musanaigwiritse ntchito. Thirani pang'onopang'ono, ndipo kapu yotsiriza ya pansi pa ndowa muisiye, chifukwa mchenga umakhala mmenemo. Palibe chimene chimathamangitsa kasitomala ngati kumva tsetsetse m'mano pa kumeza kotsiriza.

Pali chiyeso chofinya makoko m'nsalu kuti dontho lililonse lituluke. Kanikizani pang'ono ndi supuni, basi. Kumbukirani kuti chidede ndi mbale wake wa therere. Mukachifinya mwamphamvu chimatulutsa kutelera, ndipo chakumwa chimachita mitambo ndi kulemera mkamwa.

Shuga amalowa mutasefa, madzi akadali ofunda. Zifukwa zake ndi ziwiri. Mukathira shuga makoko ali momwemo, makokowo amamwa madzi a shuga ndipo mumakataya shuga wanu kudzala. Mukadikira mpaka madzi atazizira, shuga sasungunuka msanga, amakhala pansi, ndiye botolo loyamba limakhala lowawasa, lomaliza ngati uchi. Thirani magalamu 500 aja m'madzi ofundawo, vundulani mpaka mthiko usamvekenso kukhukhuluza pansi. Shuga woyera amasunga mtundu wowala. Wabulauni wathu uja amaderetsa pang'ono ndi kuonjezera kafungo ka nzimbe, ndipo ena amakonda choncho.

Theka la kilogalamu pa malita 5 ndiye kuti magalamu 100 pa lita, pafupifupi mofanana ndi zakumwa za m'mabotolo za m'sitolo. Umenewo ndi muyeso wa pamsika, chifukwa munthu amene wathyola tiyi kuyambira m'mamawa amafuna kumva shuga. Kunena zoona, ine ndimaona kuti ndi wochuluka. Botolo limodzi la theka la lita lili ndi magalamu 50 a shuga, masupuni a tiyi oposa 10. Pokonzera pakhomo ndimaika magalamu 300 mpaka 350, ndipo kuwawasa kwa chidede kumamveka bwino. Amene ali ndi matenda a shuga apatulireni chawo musanathire.

Polawa pali msampha. Chinthu chofunda chimamveka chotsekemera kuposa chikazizira. Mukalawa chili chofunda nkuti chakwana, chikatuluka mufiriji chidzamveka chosakwana. Azakhali amatunga pang'ono m'kapu, kuonjezera madzi ozizira ofanana nacho, kuika kapuyo m'beseni la madzi mphindi zingapo, ndiye nkulawa.

Ena akaona kuti chawawasa kwambiri amathiramo soda wophikira therere kuti apulumutse shuga. Yesani m'kapu imodzi muone zimene zimachitika. Kufiira kwa chidede kumadalira asidi. Soda akapha asidiyo, madzi amachita thovu nkusanduka obiriwira moderapo ngati madzi a m'dambo, ndipo kukoma kumakhala kwa sopo. Komanso asidi yemweyo ndi amene amathandiza kuti chakumwa chisaonongeke msanga. Chikawawasa mopitirira, mankhwala ake ndi madzi.

Madzi otsiriza ndi amene amadwalitsa

Tsopano tili ndi malita awiri ndi theka a chidede chokhathamira cha shuga. Chikufunika malita ena awiri ndi theka kuti chikwane 5. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa mosadziwa. Asamala zonse, awiritsa, asefa, kenaka nkutunga madzi a m'chigubu cha pa mjigo kapena pachitsime nkuthiramo. Ntchito yonse ya moto ija yafera pomwepo. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 nkupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo tonse tikukumbukira mmene malonda a zakudya ndi zakumwa zokonzeratu analetsedwera m'malo ambiri. Nzoona kuti kuwawasa kwa chidede kumafooketsa tizilombo tambiri, koma si chinthu choti munthu aikirepo moyo wa mwana wa mnzake.

Madzi oonjezerawo awiritsidwe usiku wake, agone ovindikira, m'mawa ali ozizira. Izi zili ndi phindu linanso: madzi ozizirawo amatsitsa kutentha kwa chidede nthawi yomweyo, ndiye sichikhala maola ambiri chili chofunda, nyengo imene tizilombo timaswana bwino. Madzi othira mankhwala a kolorini, monga WaterGuard, nawo ndi otetezeka mukatsata muyeso wolembedwa pa botolo ndi kudikira mphindi 30, ngakhale kuti mukapyoza muyeso fungo lake limamveka m'chakumwa. Madzi oundana oika m'kapu nawonso akhale ochokera ku madzi owiritsa. Oundana ogula m'mapepala, amene simukudziwa kumene madzi ake anatungidwa, ntchito yawo ndi kuziziritsa mabotolo kunja kwake m'bokosi, osati kulowa m'chakumwa.

Mabotolo ndi nkhani ina. Ambiri amagwiritsa ntchito mabotolo a madzi kapena a zakumwa amene anagwirapo kale ntchito. Atsukeni ndi sopo m'kati ndi kunja, makamaka m'mizere ya pakamwa ndi m'chitsekero, mmene mumabisala zotsalira za chakumwa chakale. Tsukuluzani ndi madzi a kolorini, nkuwazondotsa kuti aume. Musathiremo chidede chotentha, botolo lapulasitiki limakwinyika. Siyaninso mpata wa zala ziwiri pamwamba ngati mukukaika mufiriji youndanitsa, chifukwa madzi akaundana amafufuma.

Ndowa imene inasasa

Mwana wa azakhali, msuweni wanga, anayesa kuwathandiza sabata ina iwo atapita ku maliro kumudzi. Inali Novembala, Lachisanu linali la malipiro. Iye anaganiza zopepukitsa ntchito pokonza Lachitatu madzulo. Anachita bwino pa kunyika ndi kusefa, anaikamo ndi makoko a nanazi kuti chikome kuposa cha mayi ake. Koma anathira m'mabotolo chikadali chofunda, nkutseka, nkukaika mufiriji ya a neba amene amalipiritsa pa botolo. Mabotolo 20 ofunda m'firiji yodzaza kale sazizira msanga. Lachinayi magetsi anazima tsiku lonse.

Lachisanu m'mawa mabotolo anali olimba gwa ngati mpira wopopa. Atatsegula limodzi linalira kuti psii, thovu nkukwera kukhosi kwa botolo, ndipo fungo lake linali la thobwa logonetsa masiku atatu. Kukoma kwa shuga kunali kutachepa, m'malo mwake kuli kuluma lilime. Chinachitika nchakuti yisiti, amene amapezeka pa makoko a zipatso, m'manja ndi m'mabotolo osatsuka bwino, saopa asidi. Akapeza shuga ndi kufunda amayamba kudya, nkumatulutsa mpweya ndi mowa pang'ono. Paketi yathunthu ya shuga, chidede, makala ndi ndalama ya firiji zinapita, pamodzi ndi tsiku lokhalo pa mwezi limene anthu amagula osawerenga kawiri.

Azakhali atabwera sanakalipe kwambiri. Anangoti, "Mwanangu, chidede sachikonzera mawa la mawa. Ukanasunga chouma, chikanakudikira."

Ndi mmene zililidi. Chouma, m'chigubu chotseka bwino pamalo opanda chinyezi ndi dzuwa, chimakhala miyezi yambiri. Chikangolowa madzi ndi shuga, masiku ake ayamba kuwerengeka. Mufiriji yoyenda bwino, yosazimazima, chimakhala masiku atatu kapena anayi. Popanda firiji ndi cha tsiku lomwelo. Kumudzi kopanda magetsi, konzani m'mawa, ikani mabotolo mu mtsuko wa madzi pamthunzi, kapena akulungeni ndi chiguduli chonyowa pamalo opita mphepo. Sichizizira ngati cha mufiriji, koma kuno kumtunda, kumene m'mawa kumakhala kachisanu, chimafika pomweka bwino. Zizindikiro zoti chatha ndi zomwe zija: botolo lolimba, kulira potsegula, thovu, fungo la mowa, kapena kakhungu koyera koyandama pamwamba. Mukaona chimodzi mwa izi, kuwiritsanso sikubweza kanthu.

Amene ali ndi firiji yodalirika angayesenso kunyika m'madzi ozizira. Muyeso ndi womwewo, magalamu 20 pa lita ya madzi owiritsa ndi kuziziritsa, nkusiya mufiriji usiku wonse, maola 8 mpaka 12. Chimatuluka chowala kwambiri ndi chofatsa mkamwa. Koma poti makokowo sanakumane ndi madzi otentha, ndi chakumwa cha pakhomo chomwa tsiku lomwelo kapena mawa lake, osati chogulitsa. Shuga wake musungunulireni padera m'kapu ya madzi otentha.

Nanga bwemba?

Bwemba sakonda kumtunda kozizira kuno. Amachokera kunsi, ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mitengo yake imakula m'dzuwa loswa mtengo, ndipo amakwera ndi amalonda kubwera m'misika ya Thyolo. Kakonzedwe kake nkosiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: chidede timanyika nkuchisiya, bwemba timamufikisa. Chotsani zikhokho ndi mitsitsi, viikani magalamu 250 m'lita imodzi ya madzi otentha kwa theka la ola, ndipo akafika poti dzanja lingapirire, fikisani ndi manja osamba bwino mpaka njere zitatsala zoyera. Sefani ndi sefa, chifukwa nsalu imatseka ndi phala lake. Poti manja alowamo, bwezerani pamoto m'poto wosachita dzimbiri kuti abwadamuke mphindi ziwiri zitatu, pakuti bwemba alibe mtundu woti moto ungaononge. Onjezerani madzi owiritsa kufika malita atatu, shuga kuyambira magalamu 300, nkumalawa. Bwemba amadikha pansi pa botolo nthawi zonse. Si kuonongeka, ingokhutchumulani musanamwe. Kapu imodzi ya madzi a bwemba mu ndowa ya chidede imachipatsa thupi, koma imachotsa kuwala kuja, ndiye musankhe chimene mukufuna.

Za thanzi, mwachidule

Pa mafoni pamayenda mauthenga oti chidede chimachiza pafupifupi chilichonse. Chimene ofufuza anapeza mobwerezabwereza nchakuti chimatsitsako pang'ono kuthamanga kwa magazi mwa anthu amene amamwa tsiku ndi tsiku, ndipo ankayesa chopanda shuga wochuluka ngati wathuyu. Sichilowa m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Amene akumwa kale mankhwala a kuthamanga kwa magazi afunse adokotala asanachisandutse chakumwa cha tsiku lililonse, ndipo amayi oyembekezera amalangizidwa kuti asamamwe chambiri. Nkhani yoti chimaonjezera magazi chifukwa ndi chofiira musaidalire, munthu wochepa magazi apite kuchipatala. Chilibe kafini ngati tiyi, choncho sichisowetsa tulo, ndipo ana angamwe. Koma asidi ndi shuga pamodzi zimadya mano, ndiye mwana amwe pa nthawi ya chakudya nkutsukuluza mkamwa ndi madzi, osati kuyenda ndi botolo tsiku lonse akupsontha.

Makoko otsala aja azakhali sataya. Amawadula tizidutswa, kuika m'poto wosachita dzimbiri ndi shuga wolemera mofanana nawo, madzi theka la kapu ndi madzi a ndimu imodzi, poti kuwawasa kwawo kunapita m'chakumwa. Amaphika pamoto wochepa akuvundula, mphindi 20 kapena kuposerapo, mpaka dontho likagwera pa mbale yozizira lisayenderere. Jamu ameneyo amapaka pa buledi ndi pa zikondamoyo, ndipo mufiriji, m'botolo lagalasi lowiritsa, amatha sabata ziwiri.